Mzere wa Pachipumi: Zoluka, Wigi ndi Duku ku Dedza

Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri limene lili kumbuyo kwake imafika mamita 2,198. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika m'phirimo n'kuphatikana ndi kamvula kowaza, mayi wa kuno satuluka m'nyumba mutu uli pamtunda. Wina wamanga duku, wina wavala wigi, wina waluka meshi yofika pamapewa kuti imutchinge mphepo m'khosi. Thupi lonse lili m'juzi ndi m'chitenje, chooneka ndi nkhope yokha. N'chifukwa chake zimene zili kumutu zimalamulira maonekedwe a munthu kuno kuposa kunyanja, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, kumene kutentha kumachititsa ambiri kukonda tsitsi lalifupi.

Amayi ambiri akalowa mu saluni amaloza chithunzi cha pakhoma kapena cha pafoni, n'kunena kuti, "Asisi, mundiluke ngati uyu." Oluka amalukadi bwinobwino, koma mwiniwake akayang'ana pagalasi amaona kuti china chake sichinakhale. Nthawi zambiri vuto silikhala manja a oluka. Wa pachithunziyo ali ndi nkhope yake, ndipo malukidwewo anakhala bwino chifukwa cha malo atatu: pamene tsitsi likuyambira pachipumi, pamene latukuka, ndi pamene lathera m'mbali mwa nkhope. Meshi, wigi ndi duku ndi zinthu zosiyana, koma zonse zimagwira ntchito pa malo atatu omwewa.

Yambani ndi ulusi

Musanasankhe chilichonse, kankhirani tsitsi lonse kumbuyo, muime pagalasi kunja kukuwala, mutenge ulusi. Yezani kuchokera pamene tsitsi limayambira pachipumi mpaka kunsi kwa chibwano, mudule. Kenaka yezani m'lifupi, kuchokera pafupa la tsaya lina kukafika pa linzake, ulusiwo utaongoka patsogolo pa nkhope osautsamiritsa pamphuno, mudulenso. Mukaika timaulusi tiwiriti pa rula mudziwa zambiri kuposa zimene anzanu amakuuzani. Ngati wautaliwo ukuposa wamfupi ndi pafupifupi theka lake, monga masentimita 19 kwa 13, nkhope yanu ndi yapakatikati, ndipo malukidwe ambiri adzakukhalani. Ngati akungosiyana pang'ono, monga 18 kwa 15, nkhopeyo ndi yozungulira. Ngati wautaliwo wapitirira, monga 21 kwa 13, ndi nkhope yaitali. Mukatero muyang'anenso malo otambalala kwambiri: ena ndi pachipumi, chibwano n'kukhala chosongoka, ena ndi pansagwada.

Mabuku ophunzitsa za tsitsi amalangiza kuti nkhope iliyonse izikankhidwira ku mtundu wapakatikatiwo. Maganizo amenewa anachokera kwa okonza tsitsi a ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo si lamulo la Mulungu. Kwathu kuno masaya odzaza akhala akuyamikiridwa kuyambira kale, ndipo mayi amene akufuna kuwaonetsa asachite manyazi. Phindu la muyezowu n'lakuti umakuuzani chimene chichitike mukaluka mwakutimwakuti, kuti musadzadabwe ndalama zitapita kale.

Diso la munthu limatsatira mzere. Chilichonse chotukuka pamwamba pa mutu chimatalikitsa nkhope, chotukuka m'mbali chimaitambalitsa. Mzere wopingasa, kaya ndi tsitsi lodulidwa mofanana pamwamba pa nsidze kapena m'mphepete mwa duku, umadula nkhope n'kuifupikitsa. Ndipo pamene nsonga za tsitsi zathera, pamenepo ndiye pamene anthu amayang'ana. Zingwe zothera ndendende pamasaya zimati "onani masaya". Zothera pansagwada zimaonetsa nsagwada. Amene wamvetsa zimenezi akhoza kudzisankhira yekha popanda chithunzi cha pakhoma.

Meshi ndi mizere

Tiyerekeze mayi wa ku Bembeke amene amagulitsa mbatata ya kachewere pamsika. Nkhope yake ndi ya masentimita 18 kwa 15, chipumi chake n'chachifupi, ndipo tsitsi la m'mbali mwa chipumi layamba kuthothoka. Mu Julayi muli ukwati wa mng'ono wake, ndiye akufuna kuluka. Chimene anaona kwa mnzake ndi zingwe zikuluzikulu zogawidwa pakati, zothera pachibwano. Pa nkhope yake zimenezi zidzachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukula kwa zingwezo kudzaonjezera m'lifupi pamasaya pomwe, ndipo nsonga zake zidzazinga chibwano n'kutseka mkombero. Nkhope idzaoneka yozungulira kuposa mmene ilili.

Choyenera mayiyu ndi zingwe zocheperako, zonenepa ngati pensulo, zothera masentimita asanu kapena khumi kunsi kwa chibwano, cha pafupa la m'khosi. Mpata wogawa tsitsi usakhale pakati koma pambali, molunjika pamene nsidze yakwera kwambiri, ndipo upendekere pang'ono kulowera ku liwombo. Mzere wopendekawo umadutsa nkhope mopingasa chokwera, ndipo diso likautsatira limaiwala kuzungulira. Popeza chipumi chake n'chachifupi, asachiphimbe ndi kanthu. Zingwe zakutsogolo zigwere m'mbali, osati pamaso.

Malangizo odziwika a nkhope yozungulira ndi akuti zingwe zimangidwe mfundo yaikulu pamwamba pa mutu. Pa chithunzi zimakhala bwino ndithu. Koma mayi wathuyu amasenza dengu pamutu, ndipo nkhata singakhazikike pa mfundo. Amene amatunga madzi kapena kusenza katundu aziuza oluka zimenezi asanayambe, kuti pa liwombo pakhale pafulati, ndipo mizere ikathere kunkhongo. Kutalika kumene nkhope yake ikufuna adzakupeza pa tsiku la ukwati, pokweza theka la zingwezo m'mwamba kwa maola ochepa, kapena pomanga duku lokwera.

Wa nkhope yaitali achite zosemphana ndi zimenezi. Mizere yoongoka yopita kumbuyo, imene ambiri amaikonda chifukwa ndi yotchipa ndipo imatha msanga, imavula chipumi chonse ndi kutalikitsa nkhope. Iyeyu mizere iziyenda chopingasa, kuchoka mbali ina kupita ina, kapena zingwe zochepa zigwere pachipumi mopendeka, ndipo utali wonse uthere pakati pa chibwano ndi mapewa, nsonga zake zitapotedwa kuti zitukuke m'mbali. Meshi yambiri yolukira ndi ulusi wa kufakitale, monga wa Kanekalon umene kampani ya Kaneka ya ku Japan inayamba kupanga mu 1957, ndipo imagwira maonekedwe ikaviikidwa m'madzi otentha. Oluka amakulunga nsonga pa timapaipi kapena kuziluka pamodzi, kuziviika kwa kamphindi, kuzipukuta ndi thaulo, n'kumasula zitazizira. Wa nsagwada zotambalala amapindulanso ndi nsonga zopotana zomwezi, bola zithere kunsi kwa nsagwada, osati pomwepo.

Pali chinthu chimene chithunzi sichionetsa: kulemera. Paketi imodzi ya meshi yaitali imatha kulemera magalamu oposa 150, ndiye mutu wolowa mapaketi atatu wasenza pafupifupi theka la kilogalamu usana ndi usiku. Ukachapa, kulemerako kumaonjezeka, ndipo mu Juni wa ku Dedza zingwe zochapidwa madzulo zimafika m'mawa zisanaume. Mutu umayamba kuyabwa ndi kununkha chinyezi. Chapani m'mawa tsiku loti kwawala, mutsuke khungu la m'mipata osati kufikisa zingwezo. Chenjeraninso powotha moto: meshi ndi wigi za kufakitale zikayandikira mbaula zimakwinyika kapena kusungunuka, ndipo sizibwereranso.

Tsitsi lakutsogolo likatha

Apa ndiye pagona nkhani. Malire enieni a nkhope ndi mzere wa tsitsi lanu la pachipumi ndi m'mbali, ndipo tsitsi limeneli ndi lopyapyala kuposa lina lonse. Oluka ambiri amanyadira kutola ngakhale katsitsi kakang'onong'ono kakutsogolo kuti ntchito ioneke yaukhondo, ndipo makasitomala amafunanso zomwezo poganiza kuti zothina ndiye zimakhalitsa. Chingwe cholemera chikamangidwa pa timatsitsi tochepa chotero, chimatikoka mpaka mizu yake itatopa. Madokotala a khungu amalidziwa bwino dazi lobwera chifukwa cha kukoka limeneli. Dokotala Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anafufuza nkhaniyi ku Cape Town, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse amene anawayeza anali nalo, pamene atsikana a sukulu anali 17 pa 100. Anapezanso kuti ngozi imakula kwambiri ngati tsitsi lokokedwalo linathiridwa kale mankhwala oliwongola. Amene wangowongola tsitsi asalukire meshi pamwamba pake sabata yomweyo.

Zizindikiro zake sizibisika. Ngati mwachoka ku saluni nsidze zitakwera, mukulephera kutafuna kapena kugona popanda kumwa panado, zingwezo zathina mopitirira. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamatuluka tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi ndi kunkhongo, ndipo nthawi zina mumaona timitu toyera ta mizu ya tsitsi titalendewera pa chingwe. Mawu akuti "zimasuka zokha, pirirani" ndi amene adyetsa chipumi cha amayi ambiri. Masulani mizere yakutsogolo tsiku lomwelo, ngakhale ina yonse itsale. Dazi lamtunduwu lili ndi maonekedwe akeake: kutsogolo kwenikweni kumatsala kamzere ka timatsitsi tofewa, kuseri kwake n'kukhala poyera. Likadali latsopano, tsitsi limameranso mukasiya kukoka, koma mwapang'onopang'ono, chifukwa limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Likakhala zaka, khungu limasalala n'kumanyezimira, timabowo ta tsitsi osaonekanso, ndipo pamenepo palibe mafuta a pamsika amene angalibweze. Ngati pothothokapo pali mamba, pakuyabwa kapena ndi pozungulira, mwina ndi chipere kapena vuto lina. Zimenezo n'zakuchipatala, osati za ku saluni.

Kwa mayi wa ku Bembeke uja, ndiye kuti pokhala pampando anene mosapsatira kuti, "Asisi, lakutsogololi mulisiye, musalitole." Oluka asiye kamzere ka tsitsi kotambalala ngati chala m'mphepete monse. Zingwe za mzere woyamba aziyambe ndi tsitsi la mwiniwake lokha, meshi n'kumailowetsa pang'onopang'ono akuluka, popanda mfundo patsinde. Malukidwe amenewa amatenga nthawi yaitali ndipo oluka ena amakweza mtengo, koma ndi opepuka ndipo amagona bwino pamutu, zimene zimathandizanso nkhope yozungulira. Zingwe zisapitirire masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, mizere wamba masabata awiri kapena atatu, kenaka mutu upume. Ulendo wotsatira mpata wogawa tsitsi usamukire mbali ina.

Wigi

Wigi ili ndi ubwino umodzi waukulu: madzulo imavulidwa. Cholakwika chofala ndicho kuikokera kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kugunda nsidze, poopa kuti tsitsi la m'kati lingaonekere. Chipumi chimasowa, nkhope n'kufupika, ndipo aliyense amadziwira patali kuti munthu wavala wigi. Malo ake ndi pamene tsitsi lanu limayambira, kwa anthu ambiri zala zinayi kuchokera pa nsidze. Wa chipumi chachitali angaitsitse ndi sentimita imodzi yokha, basi.

Mitu ya akuluakulu ambiri imazungulira masentimita 54 mpaka 57, ndiye yezani wanu musanakwere minibasi ya ku Lilongwe kukagula. Wigi yaikulu imatukuka kunkhongo ndi pamwamba pa makutu, yaing'ono imakwera yokha n'kumafinya. M'kati mwake tsitsi lilukidwe mizere ing'onoing'ono yogona. Mizere ikuluikulu imakweza wigi, mutu n'kuoneka waukulu kuposa nkhope. Mawigi ambiri otchipa amabwera ndi tsitsi lochuluka kwambiri kutsogolo, lodulidwa mzere woongoka umene mutu wa munthu sukhala nawo. Ngati ili ndi lesi kutsogolo, zulani timatsitsi tochepa m'mphepete ndi kopanira kakang'ono, wigiyo ili padzanja kapena pa mutu wa chidole, ndipo lesiyo muidule mokhotakhota pang'ono. Za utali ndi mpata wogawa tsitsi, malamulo ake ndi omwe aja a meshi. Wigi ya tsitsi logwera pachipumi imakhala bwino pa nkhope yaitali, ndipo ndi mnzake weniweni wa amene akudikira kuti tsitsi lakutsogolo limere. Koma guluu womatira ndi timapeso ta m'kati timazula malo omwe aja amene meshi imazula. Lamba wotamuka wosokerera m'kati amagwira mokwanira ngakhale pa mphepo ya pa Chimbiya.

Duku

Kwathu kuno duku ndi lakale kuposa meshi ndi wigi, ndipo kwa ine ndi limene limapatsa mayi mphamvu zambiri pa nkhope yake, chifukwa akhoza kusintha malo atatu aja m'mphindi ziwiri popanda kulipira munthu. Koma si duku lililonse limene ndi lodzikongoletsera. La pamaliro limamangidwa mophweka, lophimba tsitsi, mfundo kumbuyo. Kufika pa siwa ndi duku lokwera ngati la pa ukwati ndi kudziitanira miseche. Duku loyera la amayi a Chigwirizano a mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Nkhoma ndi yunifolomu, ndipo amayi a Chisilamu ali ndi kafundidwe kawo kophimba tsitsi ndi khosi. Ngakhale pamenepo kanthu kamodzi kamatsala m'manja mwa wovala: pamene m'mphepete mwa nsalu mwadutsa pachipumi. Kuikweza kapena kuitsitsa ndi chala chimodzi kumasintha nkhope yonse.

Duku la pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa misonkhano ndi limene lili ndi ufulu. Ambiri amakumbukira mmene Joyce Banda, pulezidenti wa dziko lino kuyambira mu 2012 mpaka 2014, ankaonekera kulikonse, ngakhale kumaiko akunja, atavala chovala cha chitenje ndi duku la nsalu yomweyo. Chitenje chimodzi chimakhala cha mamita pafupifupi awiri m'litali ndi kupitirira pang'ono mita imodzi m'lifupi, ndipo chonsecho n'chachikulu kwambiri pamutu. Posoketsa, uzani atelala akusungireni chidutswa cha masentimita pafupifupi 50 m'lifupi ndi 150 kapena kuposerapo m'litali, osati nyenyeswa zotsala. Nsalu yatsopano imaima yokha chifukwa idakali yolimba; yochapidwa kambirimbiri imafuna kuviikidwa m'madzi a sitachi, ngakhale wa chinangwa, n'kusitidwa idakali yonyowa pang'ono.

Mayi wa ku Bembeke uja amange chonchi. Apinde m'mphepete mwautali ndi masentimita atatu kapena anayi kuti pakhale mzere wooneka bwino. Aike pakati pa nsaluyo kunkhongo, aweramitse mutu, abweretse mbali zonse ziwiri kutsogolo zikudutsa pamwamba pa makutu. Azipingasitse pamwamba pa chipumi, osati pakati penipeni koma molunjika nsidze imodzi, kuti m'mphepete mwa nsalu mupange nsonga yoloza m'mwamba m'malo mwa mzere wopingasa. Amange mfundo imodzi, apote nsonga ziwirizo, azizungulize pamfundopo n'kuzisomeka pansi pake, kenaka akoke makwinya m'mwamba ndi zala kuti duku likwere masentimita asanu kapena kuposerapo, m'mbali muli mogona. Chipumi chake chachifupi chionekere chonse, makutu aonekere theka, ndipo ndolo zazitali zimalize ntchitoyo.

Wa nkhope yaitali atsitse m'mphepete mwa duku mpaka pakati pa chipumi, mfundo aiike pambali cha pamwamba pa khutu kapena kunkhongo, nsonga azitambasule m'mbali. Wa chipumi chotambalala ndi chibwano chosongoka apewe duku lalikulu kumwamba, chifukwa limachepetsa chibwano kwambiri. Mfundo ya kunkhongo yokhala ndi nsonga zogwera paphewa imadzaza malo a m'munsi amene ali opanda kanthu. Ovala magalasi a maso akumbukire kuti magalasiwo ndi mzere wopingasa kale, ndiye duku lotsika pamwamba pake limapanikiza nkhope pakati pa mizere iwiri. Maluwa a chitenje nawonso ali ndi mbali yake: akuluakulu amameza nkhope yaing'ono, ndipo ndi bwino kupinda nsalu kuti mtundu umene ukugwirizana ndi khungu ndiwo ukhale m'mphepete.

Duku nalonso limadya tsitsi likamangidwa mothina pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Nsalu ya thonje imamwa mafuta a tsitsi ndipo imakhula m'mphepete, makamaka m'miyezi yozizira ndi youma pamene mayi amagona nalo, kudzuka nalo, kupita nalo kumunda. Kansalu koterera, ngakhale kogula pa kaunjika, kakakhala m'kati kamachepetsa kukhulako. Poyesa kuthina, lowetsani chala pakati pa duku ndi chipumi: chikakana kulowa, kapena madzulo mukapeza mzere wolembeka pakhungu, masulani mfundoyo ndipo mawa lake muisunthire mbali ina.